Kwadiratiki sinakukane, yakukana ndi mainasi

*Madamu, mwaswera bwanji? Pepani ndakuvutitsani usiku uno. Ndine wa Fomu 3 uja ndimakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Mayeso a teremu atsala masabata atatu, koma ine pa tsiku ndimapeza ola limodzi lokha la masamu, chifukwa ndikaweruka ndimapita kumadirasa, kenako kukalandira amayi pamsika. Ndithere nthawi yambiri pa mitu iti? Ndimaganiza zolimbikira maseti poti ndi amene ndimawamva, kwadiratiki ndingoisiya chifukwa inandikana kale.*

Ndaswera bwino mwanawe, ndipo sunandivutitse ayi. Ndinadikira dala kuti kuche, ndikatenge kaye kope lako la matesiti ku sitafurumu, kuti ndisakuyankhe zam'mutu. Lili pamaso pangapa.

Za m'pepala lenilenilo usayembekezere kuti ndikuuza. Likasa kwa ine kulibe, ndipo anzako amene amandizungulira pa nthawi ya buleki akudziwa kale zimenezi. Chimene ndingakuuze ndi m'mene pepala la teremu limakonzedwera, chifukwa si chinsinsi. Mphunzitsi akakhala pansi kuti alembe mayeso satola mafunso mwachisawawa. Amatsegula sikimu yake, n'kuona mitu imene waphunzitsa ndi nthawi imene mutu uliwonse unadya, kenako n'kugawa malikisi motsatira nthawiyo. Mutu umene tinakhalapo masabata atatu sungalandire malikisi ofanana ndi mutu wa sabata imodzi. Ndiye tsegula kope lako la notsi uwerenge madeti amene umalemba m'mphepete aja. Upeza kuti kwadiratiki tinakhalapo masabata atatu, mafulakishoni a aljebura masabata awiri, makoodi a seko sabata ndi theka, maseti sabata ndi theka, masadi sabata imodzi, ndipo mafankishoni amene tili nawo panowa atenganso sabata imodzi. Onse pamodzi ndi masabata 10. Pa pepala la malikisi 100, sabata iliyonse ikuimira malikisi pafupifupi 10. Sindikunena kuti zidzagwa ndendende choncho, koma sizidzapita kutali. Ukaphatikiza kwadiratiki ndi mafulakishoni, waona wekha kuti ndi theka la pepala.

Tsopano ona malikisi ako. Tesiti iliyonse inali ya malikisi 20. Maseti unapeza 17, masadi 12, makoodi 10, kwadiratiki 7, mafulakishoni 5. Ukathera masabata atatu onse pa maseti, n'kufika powadziwa ngati dzina lako, pa pepala la teremu uwonjezerapo malikisi awiri kapena atatu basi, chifukwa enawo uli nawo kale m'thumba. Pamene ku kwadiratiki ndi mafulakishoni, m'mene zililimu, ukusiya pansi malikisi oposa 30. Ndikumvetsa chimene chimakukokera ku maseti. Munthu ukakhala pansi ola lathunthu mafunso onse n'kumatuluka bwino, umadzuka mtima uli mbee, umadzimva kuti wawerenga. Koma kumeneko n'kupalira mzere umene unapalira kale dzulo, udzu uli mbali inayo.

Chimene chandichititsa kuti ndikulembere motalika chonchi ndi ichi: sindikuvomereza kuti kwadiratiki inakukana. Ndayang'ana malikisi 13 amene unataya pa tesiti ija, funso ndi funso. Malikisi 5 anapita pa funso la mawu limene sunaliyambe n'komwe, unangosiya malo oyera. Ena 8 onse anapita pa chizindikiro, pulasi pamene pamafunika mainasi, kapena mainasi yotayika pakati pa mzere wina ndi unzake. Njira unali nayo. Munthu wosadziwa njira ndi munthu wotaya chizindikiro amapeza malikisi ofanana, koma matenda awo ndi osiyana, ndipo ako ndi amene amachira msanga.

Titenge funso loyamba la tesiti ija:

2x² − 5x − 3 = 0

Unayamba bwino. Unachulukitsa 2 ndi −3 n'kupeza −6, kenako n'kufuna nambala ziwiri zoti ukazichulukitsa zipereke −6, ukaziphatikiza zipereke −5. Apa ndi pamene phazi linatereka. Unalemba −2 ndi −3. Ukaziphatikiza zikuperekadi −5, ndipo chimenecho ndi chimene chinakunamiza, koma ukazichulukitsa zikupereka +6, osati −6. Unayesa mbali imodzi, inayo n'kuiiwala. Pali lamulo laling'ono limene likanakupulumutsa usanayambe n'kusaka komwe: nambala yochulukitsa ikakhala ya mainasi, nambala ziwirizo zimakhala ndi zizindikiro zosiyana, ina pulasi ina mainasi. Ikakhala ya pulasi, zonse ziwiri zimatenga chizindikiro cha nambala yapakati ija. Pano ndi −6, ndiye −2 ndi −3 sizikanayenera kulowa ngakhale m'maganizo. Zoyenera ndi −6 ndi +1. Ukazipeza, −5x umaing'amba pawiri:

2x² − 6x + x − 3 = 0

2x(x − 3) + 1(x − 3) = 0

(2x + 1)(x − 3) = 0

Ndiye x = 3 kapena x = −½.

Mzere wachiwiriwo uli ndi mlonda wake. Bulaketi (x − 3) yaoneka kawiri, yofanana ndendende. Ukadzapeza kuti kwina kwatuluka (x − 3) kwina (x + 3), usapitirire, ndipo usasinthe chizindikiro mwakachetechete kuti zifanane monga ena amachitira. Zikutanthauza kuti chalakwika pamwamba, bwerera. Ukamaliza, bwezera yankho m'funso. Ika 3: 2 kuchulukitsa ndi 9 ndi 18, kuchotsa 15 kutsala 3, kuchotsanso 3 kutsala 0. Zatheka. Kuyesa kumeneku sikudya ngakhale theka la mphindi, ndipo kwadiratiki ndi umodzi mwa mitu yochepa imene ungatuluke m'chipinda cha mayeso ukudziwa kale kuti wakhoza, ine ndisanachonge.

Pa funso la fomula unakhwacha tsamba lonse n'kulemba pambali kuti kakyuleta yawonongeka. Ndinaseka ndekha mu sitafurumu, ukhululuke. Kakyuleta ilibe mlandu. Fomula unailemba bwinobwino:

x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a

Tiyese ndi funso lomwe lija, pomwe a = 2, b = −5, c = −3. Ukadina `-5²` popanda mabulaketi, kakyuleta imayamba yapanga sikweya ya 5 kenako n'kuikapo mainasi, ndiye imakupatsa −25. Ukawonjezera 24 upeza −1, ndipo ukafuna sikweya ruti ya −1 imakulembera `Math ERROR`. Chofunika kudina ndi `(-5)²`, chimene chimapereka 25. Malo achiwiri ogwera ali pa −4ac. Popeza c ndi −3, mainasi ziwiri zikumana, ndipo −4 × 2 × −3 ndi +24. Pansi pa ruti pakhala 25 + 24, imene ndi 49, ruti yake 7. Malo achitatu ndi −b weniweniyo: b ndi −5, ndiye −b ndi +5. Pamwamba pakhala 5 + 7 kapena 5 − 7, zonsezo kugawa ndi 4, ndipo mayankho ndi 3 ndi −½, omwe aja tinapeza ndi mabulaketi. Chizolowezi chimene ndikufuna uchitenge kuyambira lero n'choti usanakhudze fomula, uzilemba kaye a, b ndi c pa mzere wawo, aliyense ndi chizindikiro chake, ndipo nambala iliyonse ya mainasi uziyilowetsa mu fomula itavala mabulaketi.

Kumbukiranso kuti ikwezhoni iyenera kukhala ndi 0 mbali imodzi usanayambe chilichonse. Ndipo ukakumana ndi x² = 4x, usagawe mbali zonse ndi x. Ukatero upeza 4 yekha, yankho lina n'kulitaya. Bweretsa zonse mbali imodzi, x(x − 4) = 0, ndipo mayankho ndi 0 ndi 4.

Funso la mawu limene unalithawa lija linali la dimba la tomato: mulitali mukuposa mulifupi ndi mamita 3, malo onse ndi masikweya mita 28, peza mulifupi. Chingerezi chake ndi chimene chinakuopsa, osati masamu. Ukadzaona funso lotere, jambula kaye dimbalo, chinthu chimene sukuchidziwa uchitche x. Mulifupi ndi x, mulitali ndi x + 3, ndipo kuchulukitsa ziwirizi kukupereka 28. Ukatsegula bulaketi n'kubweretsa 28 mbali inayo upeza x² + 3x − 28 = 0, imene ndi (x + 7)(x − 4) = 0. Mayankho ndi −7 ndi 4, koma dimba la mamita −7 sunalionepo ngakhale m'mbali mwa Shire, ndiye mulifupi ndi mamita 4, mulitali 7. Ulembe kuti −7 wamukana, usangomusiya osanenapo kanthu. Dziwanso kuti ukanangojambula n'kulemba x(x + 3) = 28, ngakhale n'kulekera pomwepo, ukanatolapo kenakake. Pochonga masamu timapereka malikisi a njira padera ndi a yankho padera. Tsamba loyera lokha ndi limene timalipatsa dzira popanda kuganiza kawiri.

Tsopano ona chifukwa chimene sindikulola kuti mutu umenewu uusiye. Pa tesiti ya mafulakishoni panali funso ili, loti ulichepetse:

(2x² − 5x − 3) / (x² − 9)

Wachizindikira chapamwambacho? Ndi chomwe chija takhala tikulimbana nachochi. Iwe unakhwacha x² wapamwamba ndi x² wapansi, kenako 3 ndi 9, n'kutsala ndi zinthu zimene sindinathe kuzitsata. Mu fulakishoni timakhwacha zinthu zochulukitsana zokha, osati zimene zalumikizidwa ndi pulasi kapena mainasi. Ndiye ntchito yoyamba ndi kusandutsa pamwamba ndi pansi kuti zikhale mabulaketi. Pamwamba ndi (2x + 1)(x − 3). Pansi ndi kusiyana kwa masikweya awiri, x² − 9 = (x − 3)(x + 3). Apa tsopano (x − 3) akuchoka yense wathunthu, ndipo kutsala (2x + 1) / (x + 3). Ngati ukukayika, ika nambala yosavuta m'malo mwa x, monga 1. Funso loyambirira likupereka −6 kugawa ndi −8, imene ndi ¾. Yankho lathu likupereka 3 kugawa ndi 4. Zafanana. Yesa 1 yemweyo pa yankho lako la pa tesiti lija, uona kuti silifika pa ¾.

Kunena zoona, mafulakishoni a aljebura si mutu watsopano kwenikweni. Mbali yaikulu ndi mabulaketi a kwadiratiki omwe aja, kuwonjezapo lamulo la mafulakishoni limene unaphunzira ku pulayimale. Malikisi 5 ako aja anabadwa kuchokera ku malikisi 7 aja. N'chifukwa chake sindikufuna uyambe ndi mafulakishoni ngakhale ndi kumene unagwa kwambiri. Ukayamba nawo mabulaketi asanakhazikike, ukhala ukumanga khoma pa maziko a mchenga wa kunyanja.

Pali malo amodzi okha mu mafulakishoni amene ali ndi msampha wawowawo, ndipo ndi mainasi yomweyo. Taona ili:

3/(x − 2) − 2/(x + 1)

Pansi pakhala (x − 2)(x + 1), apo sunalakwe. Pamwamba pakhala 3(x + 1) − 2(x − 2). Potsegula bulaketi yachiwiri, −2 akuchulukitsa zonse ziwiri zam'katimo, ndipo −2 × −2 ndi +4. Ndiye 3x + 3 − 2x + 4, imene ndi x + 7. Iwe unapeza x − 1, chifukwa unalemba −4. Sunali wekha, ndinachonga x − 1 ameneyu mpaka dzanja kuwawa. Mankhwala ake ndi kusadumpha mzere: lemba kaye mabulaketi asanatsegulidwe, mzere wotsatira n'kuwatsegula. Amene amachitira zonse m'mutu kuti asunge pepala ndi amene amagwa.

Mafankishoni amene tikuphunzira panowa nawonso atsamira pomwepo. Ndikakupatsa f(x) = x² − 2x n'kukufunsa f(−3), ndi nkhani ya mabulaketi ija: (−3)² ndi 9, −2 × −3 ndi +6, yankho 15. Ndikatembenuza funso n'kunena kuti f(x) = 15, peza x, wabwerera ku x² − 2x − 15 = 0, imene ndi (x − 5)(x + 3) = 0. Ngakhale mu masadi muli kachidutswa kake. Pochotsa ruti pansi pa 1/(√5 − 2) timachulukitsa pamwamba ndi pansi ndi (√5 + 2), ndipo pansi pamatsala 5 − 4, imene ndi 1. Kumeneko ndi kusiyana kwa masikweya awiri komwe kuja tinagwiritsa ntchito pa x² − 9. Ndiye ola limene waliika pa mabulaketi limakulipira m'mitu inayi. Ola la maseti limakulipira mu maseti mokha.

Ndipo nkhaniyi sithera pa teremu ino. Kutsogoloku tidzajambula magirafu a kwadiratiki, ku Fomu 4 kuli mapolinomiyo ndi maikwezhoni awiri othetsera pamodzi, ina ya mzere ina ya kwadiratiki, ndipo mayeso a MSCE amene MANEB imakonza amafunsa za Fomu 3 ndi Fomu 4 zonse. Ngongole ya mabulaketi ukaisiya lero idzakupeza itabereka chiwongoladzanja.

Tigawe tsopano nthawi yako. Ndikuwerengera masiku 6 pa sabata, limodzi ndakusiyira, ndiye pa masabata atatu uli ndi maola 18. Maola 7 apite ku kwadiratiki, ndipo atatu oyambirira akhale osandutsa mabulaketi okhaokha, popanda fomula. Tsiku loyamba tenga zimene x² alibe nambala kutsogolo, mafunso 15 kapena 20, chifukwa ndi aafupi. Tsiku lachiwiri tenga zokhala ndi nambala kutsogolo ngati lathu lija. Lachitatu sakaniza, uikemo kusiyana kwa masikweya awiri ndi zongotulutsa chinthu chofanana kunja kwa bulaketi. Maola awiri otsatira ndi a fomula ndi kukwaniritsa sikweya, awiri otsalawo ndi a mafunso a mawu. Pa kukwaniritsa sikweya usatayepo mtima kwambiri. Dziwa masitepe ake, chifukwa funso likatchula njira imeneyo ndiye kuti njira ina sililandira, koma ngati nthawi yathina, fomula ndi mabulaketi zikhale patsogolo. Mafulakishoni alandire maola 4, ndipo ayambe sabata yachiwiri, osati kale.

Makoodi a seko ndawapatsa maola awiri. Unapeza 10, ndipo mutuwu uli ndi mfundo zochepa zimene zimabwerabwera. Yaikulu ndi yakuti mzere wochoka pakati pa seko n'kukagwa moongoka pa koodi umaidula koodiyo pakati ndendende. Ukajambula rediyasi kupita kumapeto kwa koodi, wapanga thirayango ya ngodya yoongoka, ndipo kwatsala Paithagorasi basi. Pa tesiti rediyasi inali masentimita 13, koodi 24, ndipo iwe unalowetsa 24 yense mu thirayango m'malo mwa theka lake. Chizindikiro choti wasokera chinali pomwepo: 169 kuchotsa 576 kukupereka nambala ya mainasi, komanso mbali ya thirayango yotere singatalike kuposa rediyasi. Ukaika 12, upeza 169 − 144 = 25, ndipo mtunda wochoka pakati pa seko kukafika pa koodi ndi masentimita 5. Jambula nthawi zonse, ngakhale funso litabwera ndi chithunzi chake.

Masadi ola limodzi, mafankishoni ola limodzi, popeza akadali otentha m'mutu ndipo tikuwachita m'kalasi. Pa masadi loweza masikweya kuyambira 4 mpaka 144 kuti uziwaona msanga m'kati mwa nambala, monga 25 m'kati mwa 50 ndi 9 m'kati mwa 18, kuti √50 + √18 isanduke 5√2 + 3√2, imene ndi 8√2. Maseti ako okondedwawo ndawapatsa ola limodzi, m'sabata yomaliza. Chita mafunso awiri a maseti atatu, ukumbukire kuyamba kudzaza dayagiramu pakati pomwe onse akumana n'kumatulukira kunja, basi. Maola awiri otsala ndi a pepala lathunthu. Ndili ndi la teremu ngati ino la chaka chatha, ndidzakubwereka. Ulilembe pa nthawi imodzi, wotchi ili pambali, kope lotseka. Tsiku limenelo upemphe amayi akumasule pamsika, ndipo likhale masiku atatu kapena anayi mayeso asanayambe, kuti zimene lidzaulule upeze nthawi yozikonza.

Ola lenilenilo ulisamale kagwiritsidwe kake, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Masamu sawerengedwa ngati notsi za Histore. Ndimawaona anzako pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi, kope lili pamwendo, maso akuyenda pa zitsanzo zimene ndinalemba pa bolodi, mutu ukugwedezeka kuvomereza. Chitsanzo chothetsedwa kale chimaoneka chophweka nthawi zonse, chifukwa sitepe yovuta wina anakupondera kale. Iwe mphindi 10 zoyambirira bwereza mafunso amene unalakwa dzulo, osayang'ana yankho. Mphindi 40 chita mafunso atsopano ndi cholembera m'manja. Mphindi 10 zomaliza dzichonge, ndipo pa funso lililonse lolakwika lemba pambali mawu amodzi: njira, chizindikiro, kapena nthawi. Pakatha masiku atatu uwerenge mawu amene achuluka. Ngati ndi chizindikiro, chepetsa liwiro, uwonjezere mizere. Ngati ndi njira, usalimbane nazo wekha mpaka ola kutha, bwera nazo kwa ine kapena kwa mnzako amene akuzitha.

Udziwa bwanji kuti mutu wapsa, usamukire kwina? Osati pomva mumtima. Sankha mafunso 5 amene sunawachitepo, tseka buku, dzipatse mphindi 20. Ukakhoza 4, pita patsogolo, koma pakapita masiku awiri udziyesenso ndi ena 5, chifukwa zimene zalowa lero zimatha kutuluka mkuja. Ukakhoza awiri kapena atatu, onjezera tsiku limodzi, ndipo tsiku limenelo ulichotse ku maseti kapena ku masadi, osati ku mafulakishoni. Ngati sabata yoyamba yatha mabulaketi akukanabe, usiye kukwaniritsa sikweya, ugwire fomula mwamphamvu, chifukwa fomula imathetsa kwadiratiki iliyonse imene ili ndi mayankho, ngakhale imene mabulaketi ake sakuoneka. Koma dziwa malire ake: fomula ikupulumutsa pa ikwezhoni, singakuchepetsere fulakishoni mwachindunji. Kumeneko mabulaketi sathawika.

Za nthawi ya tsiku, Mangochi wa Novembala ukumudziwa wekha. Masana pansi pa malata mutu sugwira, ndipo usiku ukachoka pamsika umakhala watheratu, magetsi nawo osadalirika. Ngati umadzuka kale ku swala ya m'bandakucha, ola lako likhale limenelo ukangomaliza, kunja kukadali kozizira, m'nyumba muli zii. Ola likakanika kupezeka lathunthu, ligawe pawiri. Mafunso a mabulaketi ndi aafupi, ukhoza kulemba 10 pa kapepala n'kumawachita pa benchi pamsika makasitomala akatalikira. Mafunso a mawu ndi mafulakishoni okha ndi amene amafuna kukhala pansi modekha.

Kope lako la matesiti ndikubwezera mawa pa buleki, ndazunguliza ndi cholembera chofiira malo 8 onse amene mainasi inakuthawa. Usiku uno yamba ndi atatu awa, uwasandutse mabulaketi, ndipo lililonse ulitsegulenso kuti uone ngati likubwerera pomwe linachokera:

x² − x − 12

3x² + 7x − 6

4x² − 25

Ubwere nawo mawa lomwelo pamodzi ndi kakyuleta yako yowonongekayo, tidzaidine limodzi.